Masilaidi ndi okongola koma anthu sakugwira nkhani: mmene mungapezere polakwika

Vuto ili limangobwerabwera ndipo limabwera mofanana. Munthu wakhala usiku wonse pa kompyuta kukonza masilaidi oti akapemphere china chake kwa mabwana kapena kwa komiti, manambala ndi olondola, mitundu ya pa matchati ikugwirizana bwinobwino, wayankhula osadodoma, koma akamaliza anthu amangoti “zikomo, tiziwona” basi nkhani yathera pomwepo. Ambiri zikatero amathamangira kukasintha zilembo ndi zithunzi, pomwe nthawi zambiri chawonongeka ndi kayendedwe ka nkhani. Masilaidi ofuna kukopa anthu amafunika zinthu zitatu motsatana: vuto lomwe omverawo likuwapweteka, pokhotera nkhani pomwe mumawawonetsa chinthu chomwe chikusintha kamvedwe kawo ka vutolo, ndi mathero pomwe mumanena chomwe mukufuna iwo achite. Chimodzi chikasowa kapena chikakhala pamalo olakwika mumawona zizindikiro zili mmunsimu.

Kuti tisamayankhule zammwamba tigwiritsa ntchito chitsanzo chimodzi mpaka kumapeto, ndipo manambala ake ndi ongoyerekezera. Tinene kuti mumagwira ntchito pa kampani yokonza mafiriji ndi makina ochapira. Kasitomala akabweretsa makina ake amadikira masiku 9. Aliyense pa kampanipo akukhulupirira kuti amakaniko ndi ochepa. Inu mwatsatira ntchito 40 kuyambira tsiku lolandira mpaka tsiku lobweza ndipo mwapeza kuti tsiku 1 ndi loyeza makinawo, masiku 5 fomu yogulira masipeya imangokhala pa tebulo kudikira siginecha, masiku 2 ndi odikira masipeya afike, ndipo kukonza kwenikweniko ndi tsiku 1. Mukufuna mabwana alole mkulu wa wekishopu kuti azisayinira yekha masipeya ang’onoang’ono.

Choyamba kuchita musanakhudze china chilichonse

Werengani mitu ya masilaidi yokhayokha, motsatana, mokweza. Mu PowerPoint pitani pa View kenako Outline View, kapena Slide Sorter kuti muwone masilaidi onse pamodzi, mu Google Slides muli Grid view. Ngati mitu ina sikuwoneka pa Outline View ndiye kuti munayilemba mu kabokosi kongojambula pambali osati m’malo ake enieni a mutu, ibwezereni mmalo mwake kaye.

Tsopano pakati pa mutu uliwonse ndi wotsatira wake yesani kuyikapo mawu olumikiza. Ngati paliponse pakungokwana “komanso”, apo mulibe nkhani, muli ndi mndandanda. Nkhani yoyenda bwino imakhala ndi “koma” mmodzi wamphamvu chapakati, ndipo kuchokera pamenepo mpaka kumapeto pamakwana “choncho”. Mitu ya chitsanzo chathu itakhala bwino ingamveke chonchi:

1. Kasitomala akudikira masiku 9 kuti makina ake akonzedwe
2. Odandaula ambiri akutchula kuchedwa, osati ntchito yoyipa
3. Tinawonjezera amakaniko awiri, masiku sanatsike
4. Pa masiku 9 aja, 5 ndi odikira siginecha pa fomu ya masipeya
5. Kukonza kwenikweni kumangotenga tsiku 1
6. Mkulu wa wekishopu atamasayinira yekha masipeya ang’onoang’ono, masiku angatsikire pa 5
7. Ndalama zitetezedwa ndi malire komanso lipoti la sabata iliyonse
8. Tikupempha chilolezo choyesera njirayi kwa miyezi 3

“Koma” uja ali pakati pa 3 ndi 4. Sungani mndandandawu mmutu chifukwa tizibwererako.

CHIZINDIKIRO 1: Anthu akugwedeza mutu kuvomereza zonse, koma palibe chomwe chaganizidwa

Ichi ndiye chofala kwambiri ndipo chimapusitsa, chifukwa mumatuluka mukuganiza kuti zayenda bwino, palibe amene wakutsutsani, ena mpaka akuyamikirani pakhomo. Pakatha masabata awiri mupeza kuti palibe chasuntha.

Chifukwa chofala kwambiri: nkhani ilibe pokhotera. Mwachoka pa vuto kulumphira pa yankho, “makasitomala akudikira masiku 9, ndiye tiyeni tisinthe kasayinidwe ka mafomu”. Omvera anu analowa mchipindamo ali kale ndi maganizo awo oti vuto ndi kuchepa kwa amakaniko, ndipo palibe chomwe mwawawonetsa choti chiwachotse pamenepo, ndiye amavomereza vutolo ndi mtima wonse chifukwa amalidziwa kale, koma yankho lanu amangolimva ngati maganizo ena mwa maganizo ambiri.

- Kuyesa: lozani silaidi imodzi yomwe munthu akayiwona anganene kuti “aa, kani ndi choncho?” Ngati simungayiloze, palibe.
- Kukonza: lembani papepala chiganizo ichi n’kuchimalizitsa, “Iwo akuganiza kuti..., koma zomwe tapeza ndi zoti...”. Mbali yoyamba ikhale silaidi 3, yachiwiri silaidi 4. Musadumphe mbali yoyambayo ayi, pokhotera pamagwira ntchito pokhapokha omvera ayamba aziwona maganizo awo akale atalembedwa mwachilungamo.

Chifukwa chachiwiri: pokhotera palipo koma pakwiririka. Izi zimachitika kwambiri kwa anthu odziwa ntchito yawo. Nambala ija ya masiku 5 ili pa silaidi ndithu, koma ili mu tebulo la mizere khumi ndi iwiri, pa mzere wachisanu ndi chiwiri, zilembo zake zofanana ndi zina zonse, mutu wa silaidi n’kungoti “Kusanthula nthawi ya ntchito”. Inu mukuyiwona chifukwa mwakhala nayo mwezi wathunthu, iwo ayi.

- Kuyesa: muwonetseni mnzanu silaidiyo kwa masekondi asanu, tsekani, mufunseni chomwe wagwira. Akatchula china osati masiku 5 aja, yakwiririka.
- Kukonza: silaidi ya pokhotera ikhale ndi chinthu chimodzi. Jambulani mzere umodzi wopingasa wa masiku 9, muugawe zidutswa zinayi, 1, 5, 2, 1, zidutswa zitatu zikhale zotuwa, cha masiku 5 chokha chikhale cha mtundu wowala ndipo pamwamba pake mulembe kuti “fomu ikudikira siginecha”. Tebulo lija lipite kumapeto kwa masilaidi, lidzathandiza wina akafunsa. Ndipo mukafika pa silaidi imeneyi khalani chete pang’ono anthu awerenge okha, musayiwerengere mothamanga ngati zinazo.

Chifukwa chachitatu, chosachitika kawirikawiri: muli ndi mokhotera mwambiri. Mwapeza za siginecha, mwapezanso kuti ogulitsa masipeya amachedwa, mwapezanso kuti mafoni a makasitomala sayankhidwa, ndipo zonse mwazipatsa mphamvu yofanana. Komiti ikawona mavuto atatu imapanga kakomiti kena koti kakawunike. Sankhani chimodzi chomwe chikudya masiku ambiri, zinazo muzitchule pa mzere umodzi kuti mwaziwona ndipo mudzabwera nazo padera.

CHIZINDIKIRO 2: Pofika silaidi yachitatu anthu ayamba kale kuyang’ana mafoni

Apa vuto lili kumayambiriro.

Chofala kwambiri ndi kuchedwa kulowa mu vuto. Silaidi yoyamba ndi mutu ndi dzina lanu, yachiwiri ndi ajenda, yachitatu ndi mbiri ya dipatimenti, yachinayi ndi njira yomwe munatsata pofufuza, vuto n’kudzatulukira pa silaidi yachisanu anthu atachoka kale mmaganizo. Timachita izi chifukwa timalemba masilaidi motsatira mmene ifeyo tinagwirira ntchito, kuyambira tsiku lomwe tinayamba kufufuza, pomwe omvera alibe nazo ntchito zimenezo mpaka atadziwa kuti chikuwakhudza ndi chiyani.

- Kuyesa: yezani nthawi ndi wotchi kapena ndi Rehearse Timings, muwone kuti pakutha mphindi zingati musanatchule vuto. Kwa ine ikapitirira mphindi imodzi mwachedwa.
- Kukonza: musafufute msanga, dinani kumanja pa masilaidi oyambirirawo n’kusankha Hide Slide, kenako yesani kuyankhula opanda iwo. Nthawi zambiri simuwasowa. Njira yofufuzira ingokhala kamzere kamodzi mmunsi mwa tchati, “ntchito 40 za miyezi iwiri yapitayi”.

Chachiwiri ndi choti vuto mwalitchula koma ndi lanu, osati lawo. “Amakaniko akutopa ndi kudikira mafomu” ndi zowona, koma bwana wowona za ndalama sizimugwira mtima. Vuto lomwelo litembenuzeni liyang’ane kwa iye: makina odzaza mu wekishopu omwe sanalipiridwe chifukwa sanabwezedwe, makasitomala omwe akutenga makina awo osakonzedwa kupita nawo kwina. Musanalembe silaidi yoyamba dzifunseni kuti munthu amene adzanene “eya” kapena “ayi” amafunsidwa za chiyani ndi omuyang’anira, yambirani pamenepo.

Chachitatu, vuto langotchulidwa mwachidule kwambiri moti palibe akulimva kuwawa. “Pali zovuta pa kathandizidwe ka makasitomala” sichipweteka aliyense. Nambala imodzi ndi munthu mmodzi zimakwanira: masiku 9, ndi kasitomala amene anayimba foni katatu kufunsa firiji yake akuwuzidwa kuti “tikudikira sipeya” pomwe sipeyayo inali isanayitanitsidwe n’komwe. Dzina la kasitomalayo musalilembe.

Koma musapitirirenso mbali inayo. Masilaidi asanu ndi limodzi ofotokoza vuto lomwe aliyense akulidziwa kale amatopetsa chimodzimodzi. Pa masilaidi 8 athu aja vuto latenga atatu okha.

CHIZINDIKIRO 3: Mwamaliza, wina n’kufunsa kuti “ndiye mukufuna ife titani?”

Funso ili likabwera dziwani kuti mathero kunalibe.

- Chofala kwambiri: silaidi yomaliza ndi “Zikomo” kapena “Mafunso?”. Silaidi yomaliza ndi imene imakhala pa sikirini nthawi yonse ya zokambirana, nthawi zina kuposa nthawi yomwe inu munayankhula, ndiye bwanji muyiwononge ndi mawu amodzi opanda kanthu? Ikanipo pempho lanu, zikomo munene ndi pakamwa.
- Chachiwiri: pempho lilipo koma silogwirika. “Tiyeni tiwunikenso kagulidwe ka masipeya” munthu sangaliyankhe eya kapena ayi. Pempho logwirika limanena ndani, achite chiyani, kuyambira liti, mpaka liti, ndipo tidzadziwa bwanji kuti zatheka: “Mkulu wa wekishopu aloledwe kusayinira masipeya osapitirira malire omwe a zachuma akhazikitse, kwa miyezi 3, ndipo masiku odikira akapanda kutsika pansi pa 6 tibwerere ku njira yakale.”
- Chachitatu: mathero sakuyankha vuto lomwe munayamba nalo. Munayamba ndi masiku 9 a kasitomala koma mwathera pa kupempha pulogalamu yatsopano ya pa kompyuta. Ikani silaidi yoyamba ndi yomaliza moyandikana pa Slide Sorter, muwone ngati zikulankhula chinthu chimodzi komanso ngati muyeso wake ndi umodzi, masiku ku masiku.

Taonani kuti mu pempho lija muli khomo lotulukira, loti zikakanika tibwerere. Anthu ena amaopa kuliyika poganiza kuti likuwonetsa kukayika, ine ndimaona mosiyana, bwana amavomera msanga chinthu chomwe akudziwa kuti angachibweze kusiyana ndi chomwe chimumanga mpaka kalekale.

CHIZINDIKIRO 4: Bwana akukudulani pa silaidi yachiwiri, “tangopitani pa mfundo”

Apa ambiri amaganiza kuti mabwana safuna nkhani, ndiye ulendo wotsatira amabweretsa matebulo okhaokha. Si choncho. Chomwe bwanayo akukana ndi kubisiridwa pempho. Munthu wa misonkhano isanu pa tsiku akamamvetsera asakudziwa ngati mukufuna ndalama, anthu kapena chilolezo, mtima wake sukhala pa zomwe mukunena, umakhala pa kulosera chomwe chikubwera.

Kukonza kwake ndi kosavuta: nenani pempho mu chiganizo chimodzi kumayambiriro, pokhotera musunge pamalo pake. “Lero ndikupempha chilolezo choyesera kusintha kumodzi kwa miyezi 3, sikufuna kulemba anthu ena ntchito, ndikuwonetsani chifukwa chake.” Mwaulula kothera koma simunaulule masiku 5 aja, ndiye silaidi 4 idzagwirabe ntchito yake.

Akakudulanibe, dziwani manambala a masilaidi anu pamtima. Mu PowerPoint mukamawonetsa mutha kulemba nambala ya silaidi n’kudina Enter, imalumphira pomwepo, ndiye pitani pa 4 kenako pa 8. Ngati masilaidi awiri amenewo paokha sakukwanitsa kunyamula nkhani yonse, bwererani ku chizindikiro choyamba. Batani la B limadetsa sikirini, ndi lothandiza pomwe mukufuna kuyankha funso anthu akuyang’ana inu osati khoma.

CHIZINDIKIRO 5: Mukangofika pokhotera, mkangano umabuka ndipo simufikanso kumathero

Ichi n’chosiyana ndi zinazo chifukwa chikuwonetsa kuti pokhotera panu pagunda ndithu, kungoti pagunda munthu.

Chifukwa chofala kwambiri: nkhani yanu ili ndi wolakwa, ndipo wolakwayo wakhala mchipindamo. Mu chitsanzo chathu amene amasayinira mafomu aja mwina ndi mmodzi mwa omwe mukuwapempha chilolezo. Mutu woti “Ofesi ya zachuma ikuchedwetsa ntchito masiku 5” umukakamiza kudziteteza pamaso pa anzake, ndipo munthu wodziteteza samvanso manambala. Lozani njira ya kagwiridwe ka ntchito osati munthu, “fomu iliyonse, yaying’ono kapena yayikulu, imadutsa pa tebulo limodzi”, ndipo nenani poyera kuti lamulolo linayikidwa pa chifukwa chabwino choteteza ndalama. Chofunika kwambiri, mukakumane naye msonkhano usanachitike, mumuwonetse silaidi 4 ali yekha. Akakuwuzani kuti mafomu ena amachedwa chifukwa amabwera osadzazidwa bwino, bola mumve zimenezo mu ofesi mwake kusiyana ndi pagulu, ndipo mwina silaidi yanu ikufunikadi kukonzedwa.

Chachiwiri: simunawonetse komwe nambala yachokera. Wina afunsa kuti ntchito 40 zimenezo munazisankha bwanji, kodi sizinali za mwezi womwe wosayinirayo anali pa tchuthi? Khalani ndi silaidi yakumapeto yowonetsa ntchito zonse 40 ndi masiku ake. Muwonenso ngati masiku 5 aja si avereji yomwe yakokedwa ndi mafomu awiri atatu omwe anakhala mwezi wathunthu, njira yachidule ndi kusanja ntchitozo kuyambira yofulumira mpaka yochedwa n’kuwona ya pakati kuti inatenga masiku angati. Ikakhala pafupi ndi 5 muli pabwino, ikakhala 2 nkhani yanu ndi ina, ndi ya mafomu ochepa omwe amasowa.

Chachitatu: mwasiya nkhawa yodziwikiratu osayiyankha. Aliyense akamva zoti munthu azisayinira yekha amaganiza za kuba. Silaidi 7 ija ilipo chifukwa cha zimenezo, ndipo malo ake ndi pakati pa yankho ndi pempho, ikabwera pambuyo pa pempho imakhala yachedwa.

CHIZINDIKIRO 6: Mchipinda zinamveka, koma amene analandira masilaidi pa imelo sanagwire kanthu

Nkhani inali mkamwa mwanu osati pa masilaidi. Mitu ngati “Zomwe tapeza”, “Zovuta”, “Njira yakutsogolo” ndi zikwangwani chabe. Mutu uliwonse ukhale chiganizo chathunthu chokhala ndi mneni, ngati mitu 8 ija. Kumbukiraninso kuti mukasintha fayilo kukhala PDF zinthu zomwe munakonza kuti zizitulukira chimodzichimodzi zimangowoneka zonse pamodzi, nthawi zina zitasanjikizana, ndipo zomwe munalemba mu Notes siziwoneka pokhapokha mutasankha kuti zituluke. Tsegulani PDF yo muyiwerenge nokha musanatumize.

Pomwe muyenera kusiya n’kuyitana wodziwa

- Ngati mwayamba kusankha manambala okhawo omwe akugwirizana ndi pokhotera panu, kapena mukudula tchati kuti kusiyana kuwoneke kwakukulu, imani. Vuto apa silinso la nkhani. Pezani munthu wodziwa kusanthula manambala kapena akauntanti awone ngati zomwe mukunenazo zili mmanambalamo, ndipo akakuwuzani kuti mulibe, musakawonetse.
- Ngati masilaidi akupita kwa anthu oti ayike ndalama zawo mu bizinesi, kapena muli malonjezo a phindu la mtsogolo, zonena za mankhwala ndi umoyo, kapena mukuyerekeza malonda anu ndi a kampani ina motchula dzina, awone kaye loya. Chiganizo chomwe chikumveka bwino ngati mathero a nkhani chikhoza kutengedwa ngati lonjezo.
- Ngati nkhani ya vuto ikugwiritsa ntchito chithunzi, mawu kapena mbiri ya kasitomala, wodwala kapena wantchito weniweni, musapitirire opanda chilolezo chake cholembedwa, funsani amene amawona za malamulo pa ntchito panupo.
- Ngati pokhotera pakuwulula kusokonekera kwa ndalama kapena kulakwa kwa munthu wodziwika mosavuta, imeneyo si nkhani ya pa pulojekita, ipititseni kwa owunika mabuku a ndalama kapena ku ofesi yowona za antchito.
- Wokonza zithunzi ndi maonekedwe muyitaneni pokhapokha mitu yokhayokha ikumveka ngati nkhani mukayiwerenga mokweza. Mukamuyitana msanga adzakongoletsa masilaidi omwe mawa lake mudzawafufuta, ndipo mukamutumizira ntchitoyo muwuzeni nambala ya silaidi ya pokhotera kuti adziwe pomwe mtundu wowala uja uyenera kupita.